Andiimitsa ntchito kuyambira Malichi, malipiro a Epulo sanabwere: ndidikire mpaka liti?

Amake Dalitso: Odi pagulu, akuluakulu. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali usiku uno, koma tulo sindikupeza. Ndimagwira ntchito yosunga katundu pa holoselo ina ku Kamwala mu Lusaka, chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi. Kumapeto kwa Febuluwale tinawerenga sitoko, makatoni 46 a saladi sanaoneke. Pa 3 Malichi anandiitana ku ofesi n'kundipatsa kalata yoti ndayamba ndaimitsidwa ntchito mpaka kafukufuku atatha. Makiyi ndinasiya pomwepo. Kutha kwa Malichi ndinalandira ndalama zochepa, kutha kwa Epulo sindinalandire ngakhale ngwee imodzi. Lero ndi pa 14 Meyi, palibe wandiitana, palibe wandifunsa kalikonse. Ndikaimba foni amangoti "tikali kufufuza". Kodi lamulo limalola kuti munthu akhale chonchi osalipidwa? Nanga pali malire a masiku?

Mabvuto wa ku Chawama: Pepani amayi. Koma kunena zoona, lamulo la kuno ku Zambia ndi lakuti wosagwira ntchito salandira. Ngakhale khoti lalikulu kuposa onse linanenapo pa mlandu wa khonsolo ya Kitwe mu 2005 kuti munthu sangalipidwe pa nthawi imene sanagwire ntchito. Ife kuntchito kwathu amatiwerengera mlandu umenewu nthawi zonse. Zimene munalandira mu Malichizo anangokuchitirani chifundo.

Nabanda: Iii Mabvuto, munthu akulira iwe ukumuthira tsabola m'maso? Amake Dalitso, ngati akuchotsani pitani mukatenge ndalama zanu za zaka zisanu ndi chimodzizo, masiku a livu ndi zonse, muyambe bizinesi. Salaula ikuyenda masiku ano.

Amake Dalitso: Asisi, sanandichotse. Ndicho chikundisokoneza. Sindili pantchito, komanso sindili kunja.

Atate Zulu: Ndaiwerenga nkhani yanu, mwanawanga. Ine ndinali woimira antchito pa yuniyoni zaka zambiri ndisanapume, nkhani zotere ndakhala nazo pa tebulo kangapo. Tiyambe ndi za Mabvuto, chifukwa wagwira mchira wa nkhani koma mutu wausiya. Mlandu wa Kitwe uja ulipodi. Koma munthu wa mlanduwo anali atachoka kale pantchito, ndipo ndalama zimene khoti linakana zinali za zaka za kutsogolo zimene akanagwira akanakhalabe pantchito. Inu simunachoke. Kontirakiti yanu ikali yamoyo, ndinu wokonzeka kupita kuntchito mawa m'mawa, amene watseka chitseko ndi bwana. Zimenezo n'zosiyana kwambiri ndi munthu wojomba kapena wonyanyala ntchito.

Chachiwiri, kuimitsa ntchito kuli pawiri, ndipo mabwana ambiri amakusakaniza dala. Pali kuimitsa munthu kuti afufuze bwino iye kulibe, kuopa kuti angasokoneze mabuku kapena kuopseza mboni. Kumeneko si chilango, chifukwa mlandu sunamugwere. Ndiye pali kuimitsa kwa chilango, kumene kumabwera munthu atazengedwa mlandu pakampani n'kupezeka wolakwa, n'kumuuza kuti akhale kunyumba masabata awiri opanda malipiro. Kalata yanu ikunena kuti "mpaka kafukufuku atatha", ndiye ndi mtundu woyamba uja. Kukumanani malipiro onse pamenepo kuli ngati kukulangani mlandu usanazengedwe.

Mabvuto wa ku Chawama: Koma atate, ndi gawo liti la lamulo limene likunena kuti ayenera kulipidwa? Chifukwa ine ndinafunapo sindinapeze.

Atate Zulu: Sunapeze chifukwa silinalembedwe mwa mawu amenewo, pamenepo wanena zoona. Lamulo la ntchito limene tikugwiritsa ntchito pano ndi la 2019, nambala 3. Gawo 49 ndilo likamba zoimitsa wantchito. Likuti bwana akakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti wantchito waphwanya malamulo a pakampani, ndipo wasankha kumuimitsa, amuimitse motsatira buku la malamulo a chilango la kampaniyo. Likutinso asanatero aganizire zinthu ngati kukula kwa mlandu, ntchito imene munthuyo amagwira ndi mbiri yake ya kale. Za ndalama silitchula, za masiku silitchulanso. Likukubwezerani ku buku la kampani.

Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi mphamvu yodula malipiro bwanayo waitenga kuti? Makhoti athu amatsatira mfundo yakale ya malamulo a ku Mangalande yoti bwana alibe mphamvu yongoimitsa munthu popanda malipiro pokhapokha ngati zinalembedwa m'pangano. Pangano lake ndi kontirakiti imene munasaina, kapena mgwirizano wa yuniyoni ndi kampani, kapena buku la malamulo a chilango ngati ndi mbali ya mfundo za ntchito yanu. Ngati m'menemo analemba kuti theka, ndi theka. Ngati sanalembe kalikonse, malipiro ndi athunthu. Amake Dalitso, buku limenelo muli nalo?

Amake Dalitso: Ndikukumbuka anatipatsa kabuku kobiriwira titasaina makontirakiti atsopano. Ndifune m'sutikesi, ana agona sindifuna kuyatsa nyale. Ndibweranso m'mawa.

Aphunzitsi Mwale: Pamene tikudikira kabukuko, ndinene yanga. Ine m'boma ndinaimitsidwapo pa nkhani ya ndalama za makolo pasukulu ina, ndinakhala pa hafu peyi miyezi 14. Pomaliza anapeza kuti ndalamazo sizinadutse n'komwe m'manja mwanga, ndipo theka lonse limene ankasunga anandibwezera. Koma nkuuzeni, hafu peyi ndi dzina chabe. Ngongole ya ku banki imene ankadula pa peyisilipi sinatsike ndi theka ayi, ankadula yonse, ndiye chotsala chinali chogulira thumba la unga ndi makala basi. Ndinalowa kaloba, ndipo ariyazi itabwera yambiri inangodutsa kupita kwa eni kaloba. Ndiye amayi limbani mtima, miyezi iwiri ndi pang'ono.

Nabanda: Aphunzitsi, miyezi 14! Ndiye mukuti nawonso adikire choncho?

Atate Zulu: Aphunzitsi, pepani ndi zimene munadutsamo, koma musawapatse mlongo wathuyu muyeso wa m'boma. Kumeneko fayilo imachoka pasukulu kupita ku boma laling'ono, kuchoka apo ku chigawo, kenako ku komishoni ya aphunzitsi, ofesi iliyonse ikuisunga miyezi. Ndipo kuti zinachitika sindiye kuti zinali bwino. Pa holoselo amene akufufuza ndi amene akuweruza amadyera limodzi nsima masana. Palibe fayilo yoyenda ulendo.

Amake Dalitso: Mwadzuka bwanji nonse. Kabuku ndakapeza. Ndikufotokozereni m'Chinyanja zimene zalembedwa pa mutu wa kuimitsa ntchito. Akuti wantchito amene akuganiziridwa mlandu waukulu ngati kuba angaimitsidwe kwa masiku osapitirira 30, akulandira theka la besiki. Akuti ngati kafukufuku sanathe, manijala angawonjezere masiku ena 30 pomulembera wantchitoyo kalata yonena chifukwa. Akutinso akapezeka wosalakwa abwezeredwe zonse zimene zinasungidwa. Ine kalata yowonjezera sindinalandire, ndili ndi imodzi yokha ya pa 3 Malichi.

Peyisilipi yanga ya masiku onse ili chonchi: besiki K4,200, ya nyumba K1,260, ya thiransipoti K200, ya chakudya chamasana K180. Zonse pamodzi K5,840 asanadule NAPSA ndi zina. Ya Malichi inali ndi besiki K2,100 ndi ya nyumba K1,260, basi.

Atate Zulu: Eya, tsopano tili ndi pogwira. Kabuku kameneko musakabwereke munthu, kajambuleni tsamba lililonse ndi foni.

Tiwerengere limodzi. Malichi anakupatsani K3,360. Theka la besiki analidula motsatira buku lawo, ndiye pamenepo simungawagwire kwambiri. K2,100 imene inatsalayo sinatayike, ikusungidwa, mudzaitenga mukapezeka wosalakwa. Ya nyumba anachita bwino kupereka yonse, popeza buku likunena za besiki yokha. Kulipo kakang'ono ka masiku oyamba a Malichi musanalandire kalata, amenewo ngati munagwira ayenera kukhala athunthu, koma tisataye nthawi pa nyenyeswa.

Nkhani ili pa Epulo. Masiku 30 kuchokera pa 3 Malichi anatha kumayambiriro kwenikweni kwa Epulo. Kalata yowonjezera kulibe. Ndiye kuyambira pamenepo akukusungani kunyumba popanda chilolezo cha buku lawo lomwe, ndipo gawo 49 lija likuti atsatire bukulo. Ine ndikanakhala woimira inu ndikananena kuti mphamvu yodula theka inatha limodzi ndi masiku 30 aja, ndiye Epulo ndi yathunthu: K4,200 kuphatikiza K1,260, ndiyo K5,460. Iwo adzati anangoiwala kulemba kalata koma kafukufuku anali mkati. Chabwino, ngakhale titawalola, ayenerabe kukupatsani K3,360 ngati ya Malichi. Ziro palibe pamene akuipeza, m'buku mulibe, m'lamulo mulibe. Ndipo malipiro a pamwezi lamulo likuti asachedwe kupitirira masiku asanu kuchokera tsiku loyenera kulandira, ndiye a Epulo anachedwa kale pa 5 Meyi.

Onaninso ichi. Ngakhale akanalemba kalata yowonjezera, 30 ndi 30 ndi masiku 60, ndipo amenewo anatha kumayambiriro kwa Meyi. Lero muli pa tsiku la 74. Mbali zonse adumpha mpanda umene anamanga okha.

Chisomo: Agogo, nanga thiransipoti ndi chakudya, K380 ija? Mwaisiya dala?

Atate Zulu: Ndaisiya dala, mdzukulu. Imeneyo anthu amakangana. Ena amati ndi ndalama yoti ukwere basi ndi kudya uli kuntchito, ndiye ukakhala kunyumba palibe chobwezera. Ena amati ndi mbali ya malipiro, buku silinanene kuti idulidwe, ndiye isadulidwe. Ine ndinaonapo zikugwa mbali zonse ziwiri. M'kalata ailembe ndithu, koma asaike mtima pamenepo.

Amayi Tembo a hadiweya: Ndiloleni ndilankhuleko ngati wolemba anthu ntchito, ngakhale anga ndi asanu ndi awiri okha. Sindikunena amake Dalitso, sindikudziwa za makatoni awo. Koma inu mukuona mbali imodzi. Ine mnyamata wanga wina anasowetsa malata, nkhani ndinaipereka kupolisi. Ndiye ndizimulipira mwezi ndi mwezi ali khale kunyumba, kwinaku ndikulipira wina wogwira ntchito yake, mpaka apolisi adzamalize? Apolisi athuwa mukuwadziwa. Ndalama zimenezo ndizitenga kuti?

Atate Zulu: Amayi Tembo, funso lanu ndi labwino ndipo yankho lake likupulumutsani ndalama. Simuyenera kudikira apolisi. Mlandu wa kupolisi ndi wa boma, umafuna umboni wosasiya chikayiko chilichonse. Mlandu wa pantchito ndi wanu, ndipo makhoti athu ananena kale kuti bwana sayenera kufika pa muyeso umenewo. Chofunika n'chakuti mufufuze moona mtima, mumulembere mnyamatayo mlandu wake, mumupatse masiku oti ayankhe polemba, mukhale naye pansi adziteteze, ndipo chigamulo chanu chikhale ndi maziko omveka. Gawo 52 likuti simungachotse munthu pa nkhani ya khalidwe musanamupatse mpata woti amveke. Zonsezi pa shopu ya anthu asanu ndi awiri zimatheka m'masabata awiri kapena atatu. Amene amaluza ndalama ndi bwana amene amaimitsa munthu n'kumuiwala, chifukwa ngongole ya malipiro imangokula mwakachetechete. Kodi buku la malamulo a pantchito muli nalo? Gawo 95 likufuna kuti wolemba ntchito akhale nalo, pamodzi ndi njira yoperekera madandaulo.

Amayi Tembo a hadiweya: Buku ndilibe, timangogwirizana pakamwa. Ndiye mukutanthauza kuti ine sindingadule ngakhale theka?

Atate Zulu: Ngati simunalembe paliponse, mulibe potsamira. Ndicho chifukwa chake kabuku kamathandiza bwana kuposa mmene mabwana amaganizira.

Amayi Tembo a hadiweya: Hmm. Ine ndikuonabe kuti lamuloli analemba akuganiza za migodi ndi mabanki, osati ife a mu Kalingalinga. Koma ndamva.

Yohane Gadi: Ine yanga ndi yosiyana pang'ono. Ndinali mlonda pa kampani ina ya zachitetezo. Pamalo pamene ndinkalonda panabedwa mabatire a jenereta usiku umene sindinali pa shifiti. Supavaiza anangondiuza pakamwa kuti "pita kunyumba, tizakuitana". Ndinakhala masabata atatu. Nditapita kukafunsa anandionetsa kalata yoti ndinathawa ntchito masiku opitirira khumi, ndiye ndadzichotsa ndekha. Supavaiza uja anakana kuti sanandiuze chilichonse. Ndinangozisiya.

Nabanda: Mayo ine! Anthu alibe mantha ndi Mulungu.

Atate Zulu: Yohane, msampha umenewo wagwira anthu ambiri, makamaka alonda, ogwira m'mabala ndi a m'nyumba. Akakuuzani pakamwa kuti mupite kunyumba, pemphani kalata. Akakana, tsiku lomwelo tumizani uthenga pafoni kwa amene wakuuzaniyo ndi kwa a ofesi, wonena kuti lero tsiku lakuti mwandiuza kuti ndisabwere kuntchito mpaka mutandiitana, ndine wokonzeka kubwera nthawi iliyonse. Musaufufute. Ngati sayankha, m'mawa mwake kaonekereni pageti pali mboni. Amake Dalitso pamenepa ali bwino, kalata ali nayo.

Chisomo: Agogo, ine ndinamvapo za fosidi livu nthawi ya korona, kuti munthu amalandira besiki yonse. Si zomwezi?

Atate Zulu: N'zapachibale koma si chimodzi. Imeneyo ili pa gawo 48, loyandikana nalo. Likuti bwana akatumiza wantchito pa livu yokakamiza amulipire besiki. Kawirikawiri imeneyo imakhala ya nthawi imene ntchito yachepa, osati ya mlandu. Koma ndaonapo makampani akulemba kuti "livu yokakamiza" pofuna kupewa mawu oti sasipenshoni. Akatero adzimangirira okha ku besiki yonse. N'chifukwa chake ndimati werengani mutu wa kalata, mawu amene asankha ali ndi mtengo wake.

Mabvuto wa ku Chawama: Chabwino atate, pa ndalama ndagonja. Koma pa masiku, tinene kuti kabuku kawo kakanakhala kopanda nambala 30 ija. Bwenzi bwana ali ndi ufulu wowasunga ngakhale chaka?

Atate Zulu: Ayi, koma nambala yoti ndikupatse ndilibe, chifukwa lamulo silinaike. Pamakhala muyeso wa nthawi yoyenera, ndipo woweruza amayang'ana nkhani iliyonse payokha. Njira yabwino yodziwira ndi kufunsa kuti kodi kwenikweni pali chiyani choti chifufuzidwe, ndipo chingatenge nthawi yaitali bwanji. Tenga makatoni 46 awa. Wofufuza afunika mapepala olandirira katundu, mapepala otulutsira katundu, buku la pageti, zithunzi za kamera ngati ilipo, ndi kufunsa anthu amene amagwira makiyi. Ntchito imeneyo ndi ya sabata imodzi, akachulukitsa ziwiri. Zikanakhala ndalama zosowa m'mabuku a zaka zitatu, zofuna maodita a kunja ndi masitetimenti a ku banki, miyezi iwiri kapena itatu munthu angamvetse, bola ngati akumulembera wantchito kumuuza pamene afika.

Zizindikiro zoti kafukufuku ndi dzina chabe zimaoneka. Woganiziridwayo sanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Mlandu sunalembedwe. Palibe dzina la amene akufufuza. Pamalo pake aikapo kale munthu wina wokhazikika. Ndipo malipiro aima. Zikakumana zimenezi, nthawi zambiri akufuna kuti njala imulembetse kalata yosiya ntchito.

Amake Dalitso: Atate, mwanena ngati munalipo. Mnzanga wa pa kauntala wandiuza kuti pa tebulo langa pakhala mtsikana watsopano kuyambira pa Isitala. Ndipo makiyi a sitolo tinali nawo atatu, ine, supavaiza ndi mphwake wa bwana. Woimitsidwa ndine ndekha. Kunena zoona dzulo ndinayamba kulemba kalata yosiya, landilodi wandipatsa mpaka pa 30, ndipo chilimba ndalephera kuponya kawiri.

Nabanda: Ndi zimene ndinanena poyamba paja. Siyani, Mulungu adzatsegula khomo lina.

Atate Zulu: Nabanda, mtima wanu ndi wabwino koma apa ayi. Mwanawanga, kalata imeneyo ing'ambeni kaye. N'zoona kuti lamulo limazindikira munthu amene wasiya ntchito chifukwa bwana wamufinya mpaka kusowa pothawira, ndipo khoti lingaitenge ngati kuchotsedwa. Koma umboni wonse umakhala pamutu panu, mlandu umatenga nthawi, ndipo iwo adzangoti munathawa kafukufuku chifukwa mumadziwa za saladi. Mukakhalabe wantchito, mwezi uliwonse ukutha ngongole yawo kwa inu ikukwera, ndipo sangakuchotseni osakumvani. Kusiya ndi chipolopolo chomaliza, ndipo musanachiombe mukaonane ndi loya. Ngati ndalama palibe, a Legal Aid Board, amene amathandiza osowa ndalama za loya, alipo.

Chitani izi. Lembani kalata yaifupi kwa manijala, yaulemu, yopanda mkwiyo. Munene tsiku limene munaimitsidwa, mutchule mutu wa m'kabuku wa masiku 30, munene kuti kalata yowonjezera simunalandire ndipo mlandu simunalemberedwe. Mupemphe zinthu ziwiri zokha: malipiro a Epulo, ndi kuti akubwezeni pantchito kapena akulembereni mlandu muyankhe. Apatseni masiku asanu ndi awiri. Mumalize ndi mawu oti ndinu wokonzeka kugwira ntchito ndi kuthandiza kafukufuku. Za mphwake wa bwana musalembemo, zisungeni za tsiku lozenga mlandu. Pangani makope awiri, imodzi akudindireni sitampa ndi deti. Akakana kulandira, jambulani n'kutumiza pafoni.

Masiku asanu ndi awiriwo akatha kuli zii, pitani ku leba ofesi. Unduna wa zantchito uli pa nyumba yaikulu ya maofesi a boma ija mumsewu wa Independence, kufupi ndi kwanu komweko ku Kamwala, pageti akulozerani kolandirira madandaulo. Tengani kontirakiti, kabuku, kalata ya pa 3 Malichi, mapeyisilipi a Febuluwale ndi Malichi, ndi sitetimenti ya ku banki yoonetsa kuti Epulo simunalowe kanthu. Iwo amaitana bwana n'kukukhazikani pansi nonse. Nkhani za malipiro osaperekedwa zambiri zimathera pomwepo.

Aphunzitsi Mwale: Ndiwonjezere kuti asamachedwe. Ndinamva kuti khoti la zantchito lili ndi malire a miyezi itatu.

Atate Zulu: Masiku 90, aphunzitsi, mwakumbutsa bwino. Khoti lake tsopano ndi nthambi ya Khoti Lalikulu yoona za antchito, kuyambira pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2016. Amawerenga kuchokera pamene njira zodandaulira zatha, kapena ngati kulibe njira zotero, kuchokera tsiku limene chinthucho chinachitika. Ukachedwa umayamba wapempha chilolezo, ndipo si nthawi zonse amapereka. Maloya amakangana kuti wotchi imayamba liti kwenikweni, makamaka munthu akataya miyezi akuyendera maofesi. Ine ndimati werengerani pa tsiku loyambirira limene mungaliganizire. Kwa inu titenge kutha kwa Epulo, ndiye pofika pakati pa Julayi nkhani ikhale itafika kwa loya ngati sizinatheke.

Chisomo: Nanga pakali pano angagwire ganyu kwina? Anthu ayenera kudya.

Mabvuto wa ku Chawama: Angagwire, sakumulipira ndiye alibe naye mawu.

Atate Zulu: Pang'onopang'ono, Mabvuto. Akali wantchito wawo. Kugulitsa tomato kapena vitumbuwa pakhomo palibe angawaletse. Koma kusaina kontirakiti pa holoselo ina n'kuwapatsa ndodo yowamenyera. Aone zimene kontirakiti ikunena pa ntchito zapadera, foni ikhale yotsegula, ndipo asapite kumudzi osalemba kalata, chifukwa tsiku limene adzapite ndi limene adzaitanidwe.

Mabvuto wa ku Chawama: Apa pokha sindikuvomereza. Iwo aphwanya pangano poyamba, iye yekha ndiye azilisunga?

Amake Dalitso: Ndabweranso, patha masiku asanu ndi limodzi. Kalata ndinapereka Lachisanu, mlembi anadinda atafunsa kaye kumwamba. Dzulo madzulo mu akaunti mwalowa ndalama, ndipo pa peyisilipi alemba besiki K2,100 ndi ya nyumba K1,260, ya Epulo. Lero m'mawa abweretsa makalata awiri kunyumba. Yoyamba ndi ya mlandu, sanalembe kuba, alemba kusasamala pantchito mpaka kutayitsa katundu, ndiyankhe polemba pasanathe maola 48. Yachiwiri ndi yowonjezera masiku oimitsidwa, koma deti yake alemba 2 Epulo. Akufuna ndisaine zonse ziwiri.

Nabanda: Deti ya Epulo kalata yobwera mu Meyi? Musasaine!

Atate Zulu: Sainani kuti mwalandira, koma pafupi ndi siginecha lembani ndi dzanja lanu kuti "ndalandira pa 21 Meyi", ndi nthawi yake, pa kope yawo ndi yanu, kenako jambulani. Mukakana kusaina adzalemba kuti munakana, ndipo deti yawo ija idzatsala yokha. K2,100 yotsala ya Epulo tidzaitsata pambuyo, sikuthawa. Tsopano maola 48 ndiwo ofunika. Lero lomwe lembani kupempha makope a mapepala a sitokoteki ya Febuluwale ndi ya mwezi wa m'mbuyo mwake, ndi buku losainira makiyi, munene kuti simungayankhe mokwanira musanawaone. Yankho loyamba liperekeni ndithu nthawi isanathe, ngakhale lalifupi. Onaninso m'kabuku ngati mukuloledwa kupita ndi mnzanu wa pantchito pa tsiku lozenga, ndi chilango chimene analemba pa kusasamala koyamba.

Amake Dalitso: Ndaona. Kusasamala kotayitsa katundu, koyamba ndi chenjezo lomaliza, kachiwiri kuchotsedwa. Mnzanga wa pa kauntala uja akuopa kundiperekeza, akuti ali ndi ana. Ndiyesa amalume a pa fokolifiti, iwo atsala chaka chimodzi kupuma.